Ndili ndi K500,000, ndiisunge kuti?

Funsoli limamveka paliponse pamene Amalawi akumana, mu minibasi, mu ofesi nthawi ya nkhomaliro, ngakhale pakhomo la tchalitchi mapemphero akatha. Munthu wapeza kangachepe, mwina wagulitsa soya kapena walandira ndalama zotsalira za malipiro, ndipo akuopa kuti zimuthera m'manja. Asanamalize n'kufunsa komwe, mayankho amakhala atayamba kale kugwa. Wina akuti katsekereni ku banki, wina akuti lowani banki mkhonde, winanso akuti gulani chimanga musunge. Mnyamata wophunzira akuti masheya ndiwo ali ndi phindu.

Onsewa amayankha ndi mtima wabwino, ndipo palibe amene wanena bodza. Vuto ndi lakuti ayankha asanadziwe zinthu zitatu: ndalama zimene munthuyo amapeza ndi mmene zimabwerera, chimene akusungira ndalamayo, ndi tsiku limene adzaifune. Makolo anati safunsa anadya phula. Pankhani ya ndalama, wosafunsa amakhala mlangizi, koma wodya phulayo amakhala mnzake amene wamvera malangizowo.

Tiyeni titenge yankho limene limaoneka laulemu kuposa onse, lija loti mukatsekere ndalamayo ku banki kwa chaka chathunthu, imene ambiri amati fikisidi. Tiyerekeze kuti wofunsayo ndi mlimi wa fodya wa ku Kasungu. Wagulitsa mabelo ake, wabweza ngongole, walipira alimi ake, ndipo mu Juni watsala ndi K500,000. Sananene kuti ndalamayi ndi ya feteleza wa mu Novembala. Sananenenso kuti sadzagwiranso ndalama ina yochuluka mpaka msika wa fodya udzatsegulidwe mu Epulo chaka chamawa. Palibe anamufunsa.

Kuti tiwerengere bwino, tinene kuti banki yamulonjeza chiwongoladzanja cha 12 peresenti pachaka. Nambalayi ndi yongoyerekeza, chifukwa mabanki amasiyana ndipo amasintha nthawi ndi nthawi. Chaka chikatha, phindu lake ndi K60,000. Boma limadulapo msonkho pa chiwongoladzanja chotere, ndipo akadula 20 peresenti, zotsala ndi K48,000. Papepala mlimi uja wapindula, ali ndi K548,000.

Koma ndalama imayesedwa ndi zimene ingagule. Kwa miyezi yambiri ya 2024, mitengo ya zinthu m'dziko muno inkakwera ndi 30 peresenti kapena kuposerapo poyerekeza ndi chaka cham'mbuyo. Pa liwiro lotere, katundu wa K500,000 lero amadzafuna K650,000 chaka chamawa. Ngati thumba la feteleza linali pa K100,000 tsiku limene ankatsekera ndalamayo, akanagula matumba asanu. Likakwera kufika pa K130,000, ndalama yake yonse pamodzi ndi phindu lija igula matumba anayi okha. Ndipo feteleza amachokera kunja, choncho mtengo wake umatsatira mphamvu ya kwacha. Tonse tikukumbukira kuti mu Meyi 2022 kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti, kenaka mu Novembala 2023 ndi 44 peresenti. Ya 2023 ija inagwa mwezi womwe alimi amakhala akusaka feteleza.

Izi n'zongowerengera chabe, chifukwa mlimi wathuyu safika n'komwe kumapeto kwa chaka. Mvula ikayamba kugunda mu Novembala, ndalama yake idakali yotsekeredwa mpaka Juni. Akapita kukaitulutsa nthawi isanakwane, banki imamudula chiwongoladzanja, china kapena chonse, malinga ndi zimene anasayinira. Akaopa kutaya phindulo, amathamangira kwa akatapila, kumene ngongole ya mwezi umodzi imatha kudya zoposa zimene banki ikanamupatsa chaka chonse. Malangizo aja sanali oipa mwa iwo okha. Anaipa chifukwa anapatsidwa kwa munthu amene ndalama yake inali ndi ntchito pakatha miyezi isanu.

Akanafunsidwa, yankho likanasintha msanga. Munthu amene akusungira feteleza, m'dziko limene mitengo ikuthamanga chotere, nthawi zambiri amachita bwino kugula fetelezayo nthawi yomweyo ndalama ili m'manja, kwa wogulitsa wodziwika, n'kumusunga pouma, pa matabwa, osati pansi penipeni pamene chinyezi chingamuumbitse. Nazonso zili ndi zoopsa zake, akuba alipo, denga likhoza kudontha. Ndipo apa ndi pamene funso la ndalama zolowa limalowerera. Popeza bamboyu alibe malipiro a pamwezi, sangathire K500,000 yonse mu feteleza. Mwana akadwala mu Ogasiti, adzagulitsa thumba motchipa kwa vendala. Ndi bwino agule matumba anayi, K100,000 yotsalayo ikhale pamalo poti akhoza kuitapa tsiku lomwelo, ku akaunti wamba kapena pa foni, ngakhale kuti kumeneko sibereka kanthu kooneka. Ntchito ya ndalama imeneyo ndi kumuteteza kwa katapila, basi.

Tsopano ndalama yomweyo, K500,000, tiike m'manja mwa mphunzitsi wa ku pulayimale amene amalandira mwezi ndi mwezi. Ali mu Okutobala, ndipo akufuna kudzalipira fizi ya mwana wake wa ku sekondale teremu ya Januwale. Kwa mayiyu kutsekera ndalama ku banki kuli ndi nzeru, bola ikhale ya miyezi itatu, osati chaka. Phindu lidzakhala lochepa, koma cholinga chake si phindu. Akufuna ndalamayo idutse Khirisimasi ndi maukwati a mu Disembala osakhudzidwa, ndipo loko wa banki akumuthandiza kukana pempho la achibale mosachita manyazi. Vuto likagwa pakati, malipiro a mwezi wotsatira amugwira. Loko yemweyo amene anapweteka mlimi uja akupulumutsa mphunzitsi, ndipo kusiyana kwake kuli pa mmene ndalama zimalowera m'nyumba zawo.

Mayi yemweyu akamvera mnyamata uja wa masheya, akhoza kulira. Masheya ogulitsidwa pa msika wa Malawi Stock Exchange ku Blantyre amakwera komanso amatsika, ndipo palibe angalonjeze kuti mu Januwale adzakhala pamwamba. Pogulitsa muyenera kudzera kwa bulokala, pamakhala ndalama zodulidwa, pamafunika wogula, ndipo ndalama sifika m'manja tsiku lomwelo. Sukulu sidikira zimenezo. Koma kwa mtsikana wa zaka 27 amene ali pantchito yokhazikika, ali kale ndi ndalama yapadera yothandizira pamavuto, ndipo K500,000 iyi saifuna kwa zaka khumi, masheya ndi nkhani yoyenera kuiganizira. Ali ndi nthawi yodikira kuti mtengo ukatsika udzakwerenso. Kwa iyeyu choopsa chachikulu ndi kuisiya ndalamayo zaka khumi mu akaunti wamba, mitengo ya zinthu n'kumaidya mwakachetechete.

Banki mkhonde nayo anthu amaitchula ngati mankhwala a matenda onse. Ndimaikonda, ndipo yatukula mabanja ambiri m'midzi ndi m'matauni. Koma ili ndi kayendedwe kake. Mamembala amaponya masheya sabata ndi sabata kapena mwezi ndi mwezi, ndipo magulu ambiri amagawana kumapeto kwa chaka. Phindu limachokera ku ngongole zimene mamembala okhaokha amatenga, ndipo m'magulu ena aliyense amakakamizidwa kukongola kuti thumba libereke. Mayi wogulitsa tomato ndi mandasi, amene amagwira ndalama tsiku ndi tsiku, akhoza kukongola, kuwonjezera mpamba, n'kubweza. Munthu wolandira kamodzi pachaka akakakamizidwa kukongola, abweza ndi chiyani? Ndipo amene akufuna ndalama yake mu Seputembala, poyambira chaka cha sukulu, gulu logawana mu Disembala silimuthandiza.

Ndikudziwa chifukwa chake mafunsowa safunsidwa. Kwathu kuno kufunsa munthu kuti mumalandira zingati kumaoneka ngati mwano, ndipo wofunsidwayo amaopa kuti akaulula, mawa abale adzakhala pamzere, kapena wina amuchitira nsanje. Nawonso malonda a geni alibe malipiro odziwika, mwini wake sadziwa bwino zimene amapeza pamwezi. Koma mlangizi safunika nambala yeniyeni kuti athandize. Akhoza kufunsa mwaulemu kuti, kodi ndalama zimakupezani mwezi ndi mwezi kapena pa nyengo? Zikalowa, mukalipira lendi, chakudya ndi fizi, pamatsala kanthu? Pali ngongole imene mukubweza? Funso lomalizali ndi lalikulu kwambiri. Munthu amene ali ndi ngongole yodula 20 peresenti pamwezi alibe chifukwa chosakira banki yomupatsa 12 peresenti pachaka. Kubweza ngongoleyo ndiko kusunga kopindulitsa kuposa kwina kulikonse kumene angapeze.

Cholinga nachonso chimafuna kuchikumba pang'ono. Ambiri akafunsidwa amangoti ndikusungira tsogolo. Tsogolo lake liti? Malata a nyumba, ukwati wa mwana, mpamba wa okala, kapena ukalamba? Chilichonse chili ndi mtengo wake ndi tsiku lake. Wosungira malata akhoza kumagula pang'onopang'ono mtengo usanakwere. Wosungira ukalamba ayambe waona ngati abwana ake akutumizadi ndalama za penshoni, poti lamulo la dziko lino limati wolemba ntchito aziponya zosachepera 10 peresenti ya malipiro ndipo wantchito 5 peresenti.

Pali chizindikiro chimodzi chosavuta chodziwira malangizo oyenera kuwakayikira. Munthu akakutchulirani malo oikako ndalama asanakufunseni kalikonse za moyo wanu, ndiye kuti akukuuzani zimene zinamuyendera iyeyo, kapena zimene akugulitsa. Wogwira ntchito ku banki, wa inshuwalansi, ngakhale wapampando wa gulu amene akufuna mamembala atsopano, aliyense ali ndi katundu wake. Si kulakwa, koma muzidziwa. Woopsa kwambiri ndi uja wolonjeza kuti ndalama yanu iwirikiza pamwezi umodzi. Ameneyo sadzafunsa za cholinga chanu chifukwa alibe nacho ntchito.

Inu amene muli ndi kangachepe m'manja, musanapite kwa aliyense, tengani pepala mulembe mizere itatu: mmene ndalama zimakupezerani ndi zimene zimatsala, chimene mukufuna kudzagula kapena kulipira ndi mtengo wake wa lero, ndi mwezi umene mudzaifune ndalamayo. Mukafika ku banki, ku Sako kapena ku gulu, funsani kuti mukaitulutsa nthawi isanakwane adzakudulani zingati, ndiponso kuti msonkho ukachoka mudzatsala ndi zingati m'manja. Musasayine kufikira atakuyankhani momveka.