Matumba awiri a chimanga: ndi mbewu kapena mwayi chabe?

Mu 1908, William Sealy Gosset, katswiri wa pa kampani yofulula mowa ya Guinness ku Dublin, anasindikitsa njira yoweruzira zinthu pamene zoyezedwa zili zochepa. Anadzibisa ndi dzina lakuti Student. Njirayo, mayeso a t, lero ili mu Excel, Google Sheets ndi LibreOffice Calc, ndipo fomula yake ndi ya mzere umodzi. Poti kulemba kwake n'kosavuta, kulakwitsa kwakenso sikuonekera msanga.

Tiyerekeze mlangizi wa zaulimi amene akuyerekezera mbewu ziwiri za chimanga pa minda 12 ya ekala imodziimodzi. Minda 6 ya mbewu yakale yatulutsa matumba 10, 12, 11, 13, 9 ndi 11, ndipo walemba manambalawa mu A2 mpaka A7. Minda 6 ya mbewu yatsopano yatulutsa 13, 14, 12, 15, 11 ndi 13, mu B2 mpaka B7. Asanafike pa mayeso a t, ayenera kuyamba wadziwa maonekedwe a gulu lililonse.

```
=COUNT(A2:A7)
=AVERAGE(A2:A7)
=MEDIAN(A2:A7)
=STDEV.S(A2:A7)
```

COUNT iyenera kupereka 6. Ikapereka 5, ndiye kuti m'kabokosi kena muli mawu, mwina munthu analemba "matumba 12" m'malo mwa 12. AVERAGE imangodumpha kabokosi koteroko osachenjeza.

Avareji ya gulu A ndi 11, ya gulu B ndi 13. MEDIAN, yomwe imapereka nambala ya pakatikati manambala akandandalikidwa kuyambira yaing'ono, ikuperekanso 11 ndi 13. Kugwirizanaku n'kolimbitsa mtima. Chala chikanaterereka, 13 ya gulu A n'kulembedwa 130, avareji ikanalumphira pa 30.5 pamene MEDIAN ikanakhalabe 11, ndipo mpata woterowo umauza munthu kuti abwerere ku kope la kumunda.

STDEV.S imayeza kumwazikana kwa zokolola kuzungulira avareji, ndipo m'magulu onse awiri ikupereka 1.41. Pali ina yofanana nayo dzina, STDEV.P, imene ingapereke 1.29, koma iyo ndi ya pamene munthu wayeza minda yonse imene ikumukhudza. Minda 6 ikungoimira minda yambirimbiri, choncho yoyenera ndi ya S.

Tsono kusiyana kwa matumba awiri kuja n'kwenikweni?

```
=T.TEST(A2:A7,B2:B7,2,3)
```

Yankho ndi 0.034. Nambalayi si t, ndi p. Tanthauzo lake ndi ili: mbewu ziwirizi zikanakhala zofanana mphamvu, kusiyana kwa matumba awiri kapena kuposerapo kukanaoneka mwamwayi pafupifupi katatu pa maulendo 100 obwereza kafukufukuyu. Ofufuza ambiri amaika malire pa 0.05, ndipo 0.034 ili pansi pake. Koma p sikunena kuti phindulo ndi lalikulu motani, kapena ngati likubweza ndalama zogulira mbewu.

Msampha waukulu uli pa manambala awiri omalizawo. Woyamba, 2, ukutanthauza kuti mlangizi anali wokonzeka kuona mbewu yatsopano ikupambana kapena kugonja. Akalemba 1, p imagawika pakati n'kukhala 0.017, ndipo kusankha 1 munthu ataona kale zokolola ndi chinyengo ndithu. Wachiwiri umatchula mtundu wa mayeso. 3 ndi ya magulu osagwirizana ngakhale atamwazikana mosiyana, 2 imafuna kuti amwazikane mofanana, pamene 1 ndi ya manambala oyenda awiriawiri, monga munda umodzi wogawidwa pakati, uku mbewu yakale uku yatsopano. Pa manambala omwewa, mtundu 1 ukupereka 0.0006, nambala yosangalatsa koma yabodza ngati minda inali ya alimi osiyana. Chizindikiro chake n'chosavuta kuona: kusintha dongosolo la manambala a gulu B lokha kumasintha yankho la mtundu 1, koma la mtundu 3 siligwedezeka.

Wosamala amawerengeranso t payekha mu D2, kenako p mu D3.

```
=(AVERAGE(B2:B7)-AVERAGE(A2:A7))/SQRT(VAR.S(A2:A7)/6+VAR.S(B2:B7)/6)
=T.DIST.2T(ABS(D2),10)
```

Pamwamba pali 2, pansi pali 0.816, ndipo t ndi 2.45. Nambala 10 ikuchokera pa minda 12 kuchotsera magulu awiri, ndipo ikukwanira bwino pano chifukwa magulu ndi ofanana kukula ndi kumwazikana komwe. D3 ikapereka 0.034, njira ziwirizi zagwirizana. Zikasiyana, pokayikira poyamba ndi malire a mabokosi, monga A2:A6 m'malo mwa A2:A7.

Chimene fomula singaone ndi malo amene minda ili. Ngati mbewu yatsopano inapita ku dothi lachonde la kudambo, yakale n'kutsala pamchenga, 0.034 ikuyeza dothi ndi mbewu pamodzi. N'chifukwa chake ofufuza amachita maere pogawa mbewu ku minda, mvula yoyamba isanagwe.