Malikisi amabisala pati pa funso la chipembedzo ndi chilengedwe?

Funso likati, "Fotokozani zifukwa ziwiri zimene Akhristu amasamalira chilengedwe," ophunzira ambiri amamwetulira. Amati lagwera pabwino. Cholembera chimathamanga: mitengo imabweretsa mvula, mitengo imateteza nthaka kuti isakokoloke. Pepala likabwera lochongedwa, mwana amapeza kuti pa malikisi anayi wapata imodzi kapena palibe, ndipo amayamba kudandaula kuti aphunzitsi amuchenjerera.

Aphunzitsiwo sanalakwe. Zimene mwanayo walemba n'zoona, koma ndi yankho la phunziro la jogirafe kapena la zaulimi. Pa phunziro la Baibulo, kapena la zipembedzo ndi makhalidwe, wochonga amafuna kumva chimene chipembedzocho chimaphunzitsa, komwe chiphunzitsocho chachokera, ndi chimene wokhulupirira amachita chifukwa cha icho. Mafunso atatu ali m'munsiwa ndi okonzedwa kuti munthu ayeserepo, si ochokera m'mapepala a MANEB, ndipo malikisi ake ndi ongopereka chitsanzo. Mayeso enieniwo amalembedwa m'Chingerezi, koma mfundo yosamveka m'Chichewa singamveke chifukwa choti yavala Chingerezi.

Yankho labwino la funso loyambali lingakhale lotere: "Choyamba, Akhristu amakhulupirira kuti dziko ndi la Mulungu, monga Salimo 24 ikunenera, choncho munthu ndi kapitawo chabe amene adzafunsidwe za mmene adagwiritsira ntchito katundu wa mwini wake. N'chifukwa chake mipingo ina imadzala mitengo pamalo a tchalitchi. Chachiwiri, pa Genesis 2:15 Mulungu adaika munthu m'munda wa Edeni kuti aulime komanso ausunge. Kulima ndi kusunga zidaperekedwa pamodzi, choncho Mkhristu sayenera kulima mpaka m'mphepete mwenimweni mwa mtsinje n'kuugumula."

Mitengo ndi mitsinje zilimo ndithu m'yankholi, koma zabwera pambuyo, ngati chipatso cha chikhulupiriro. Pa mfundo iliyonse malikisi imodzi ndi ya chiphunzitso, ina ndi ya kufotokoza. Wophunzira amene waiwala nambala ya vesi asataye mtima. Kutchula kuti ndi nkhani ya m'munda wa Edeni n'kokwanira kuonetsa kuti akudziwa gwero lake, ndipo kuli bwino kusiyana n'kupeka nambala yolakwika.

Funso lachiwiri ndi lofananitsa, ndipo ndi limene limagwetsa ngakhale ana akhama: "Fananitsani mmene Chisilamu ndi chipembedzo cha makolo amatetezera chilengedwe." Malikisi asanu ndi imodzi.

Vuto lake limaoneka msanga. Mwana amalemba ndime yaitali ya chipembedzo chimene amachidziwa, kenako mizere iwiri yamanyazi ya chinacho, osalumikiza chilichonse. Kumeneko n'kufotokoza kawiri, si kufananitsa. Wochonga amasakasaka mawu ngati "onse awiri", "pamene" ndi "koma", chifukwa ndi amene amaonetsa kuti zinthu ziwirizi zaikidwadi pamodzi.

Yankho lachitsanzo: "Zipembedzo zonse ziwiri zimaphunzitsa kuti munthu si mwini wa dziko. M'Chisilamu, Kurani pa sura 2 ndime 30 imati munthu ndi khalifa, woimirira wa Allah padziko, amene adzayankhe pa tsiku lachiweruzo. M'chipembedzo cha makolo, nthaka ndi ya Chauta ndipo mizimu ya makolo imaiyang'anira. Amoyo amangoisungira obadwa mtsogolo. Kusiyana kwake kuli pa njira. Chisilamu chimapereka malamulo olembedwa ogwira ntchito paliponse, monga kuletsa kumwaza chakudya ndi zakumwa pa sura 7 ndime 31, ndiponso chimalonjeza mphoto: hadisi ya Mtumiki Muhammad imati wodzala mtengo amalembedwa sadaka nthawi iliyonse imene munthu, mbalame kapena nyama yadyako. Chipembedzo cha makolo chimateteza malo ndi zinthu zakutizakuti kudzera m'miyambo ndi zoletsa zosalembedwa, monga nkhalango ya Khulubvi ku Nsanje, komwe kuli kachisi wa Mbona ndipo mitengo yake siidulidwa."

Chitsanzo cha Khulubvi n'chamtengo wapatali pamayeso chifukwa chili ndi dzina ndi malo. Ndi kachisi wa Amang'anja wa m'chigwa cha Shire, wodziwika ndi nsembe zopempha mvula. Koma wophunzira wa ku Dedza kapena ku Kasungu ali nacho chitsanzo china pafupi ndi khomo. Woyenda pa msewu wa M1 m'chilimwe amaona minda yoyera mbee, kenako kachigulu ka mitengo yachilengedwe kobiriwira pakatikati, ndipo safunsa kuti n'chiyani. Ndi manda. Palibe wa zankhalango amene amalondera pamenepo. Nkhwangwa imabwezedwa ndi ulemu kwa akufa, mawu a mfumu, ndiponso mantha, makamaka komwe mandawo ndi dambwe la Gule Wamkulu. Mwana amene walemba zimenezi momveka waposa amene waloweza tsamba lonse la notsi.

Pali chenjezo limodzi pa funso lotere. Ophunzira ena amalemba kuti makolo ankapembedza mitengo, ena amayamba kulalikira kuti miyamboyi ndi yachikunja. Zonse ziwiri zimadya malikisi. Yoyambayo ndi yolakwika, pakuti nsembe pansi pa mtengo zinkaperekedwa kwa Chauta kudzera m'mizimu, mtengowo unali malo chabe. Yachiwiriyo ikuyankha funso limene silinafunsidwe.

Funso lachitatu ndi lolemera, la malikisi khumi, ndipo limakhudza bala lomwe silinapole: "Anthu ena amati ngozi monga namondwe wa Freddy ndi chilango cha Mulungu. Kodi mukugwirizana nawo? Perekani zifukwa, potengera ziphunzitso za zipembedzo."

Namondweyu adagunda chigawo chakummwera mu Malichi 2023. Matope ndi miyala zidatsika m'phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe mumzinda wa Blantyre, ndipo anthu mazanamazana adafa kumeneko ndi m'maboma monga Mulanje, Phalombe ndi Chiradzulu. M'kalasi mungathe kukhala mwana amene adataya m'bale wake. Mphunzitsi wanzeru amalowa m'funsoli mosamala.

Pano "inde" kapena "ayi" payekha alibe malikisi. Wochonga amafuna mbali ziwiri, kenako chigamulo chokhala ndi chifukwa. Yankho lachitsanzo liyambe ndi mbali ya ovomereza: "Amene amati ndi chilango amatchula chigumula cha Nowa pa Genesis 6 mpaka 9, chomwe chidabwera chifukwa cha kuipa kwa anthu. M'chipembedzo cha makolo, chilala kapena mliri zinkatengedwa ngati chizindikiro chakuti mizimu yakwiya, ndipo mudzi unkathira nsembe yopepesa."

Kenako mbali inayo, imene iyenera kupatsidwa mphamvu zofanana: "Komabe pa Luka 13 Yesu adakamba za anthu 18 amene adafa nsanja ya ku Silowamu itawagwera, ndipo adakana kuti iwo anali ochimwa kuposa anzawo a mu Yerusalemu. Buku la Yobu nalo likuonetsa munthu wolungama akuvutika. Kurani pa sura 30 ndime 41 imalumikiza kuonongeka kwa pamtunda ndi panyanja ndi ntchito za manja a anthu, zomwe Asilamu ambiri masiku ano amazimva ngati chenjezo pa kuononga chilengedwe. Papa Fransisko, m'kalata yake ya Laudato Si' ya mu 2015, adati dziko likaonongeka oyamba kuvutika ndi osauka, omwe nthawi zambiri si amene adaliononga kwambiri."

Pomaliza chigamulo: "Ine sindigwirizana nawo. Ambiri amene adafa anali ana ndi anthu osauka amene adamanga m'phiri chifukwa chosowa malo ena, ndipo n'zovuta kunena kuti iwo ndiwo ochimwitsitsa. Mvulayo inali yoopsa, koma kutha kwa mitengo m'mapiri ndi kumanga m'malo otsetsereka zidakulitsa ngoziyo. Choncho funso limene chipembedzo chiyenera kufunsa ndi lakuti anthu ausenza bwanji udindo wa ukapitawo."

Yankholi lapewa misampha iwiri. Silinanene kuti mitengo ikadakhalapo palibe akadafa, chifukwa mvula ya masiku angapo ngati ija imatha kugumula ngakhale phiri lokhala ndi nkhalango. Silinanyozenso okhulupirira za chilango. Lawapatsa mavesi awo. Wophunzira amene wagamula mosiyana, nanena kuti ndi chilango, angathe kupeza malikisi ochuluka chimodzimodzi, bola waonetsa kuti mbali inayo akuidziwa ndipo waiyankha. Wochonga sapereka malikisi chifukwa chogwirizana ndi mwanayo. Mwa malikisi khumi aja, anayi angapite ku mbali yoyamba, anayi ku yachiwiri, awiri ku chigamulo. Ndiye kuti amene walemba masamba awiri a mbali imodzi yokha, ngakhale mokoma bwanji, wasiya yekha anayi patebulo.

Vesi limodzi limabwera pafupifupi m'funso lililonse la mutu umenewu, ndipo ndi bwino kukonzekera. Pa Genesis 1:28 munthu akuuzidwa kuti agonjetse dziko ndi kulamulira zamoyo. Wootcha makala angathe kudzitchinjiriza nalo, ndipo mu 1967 katswiri wa mbiri yakale wa ku Amereka, Lynn White, adalemba kuti kamvedwe kameneka ka Chikhristu chakuzambwe kali ndi gawo lalikulu pa kuonongeka kwa chilengedwe. Wophunzira wochenjera salibisa vesili. Amalitchula, kenako amaliika pambali pa malamulo ena a m'Chipangano Chakale omwe amalimanga malire. Levitiko 25 amalamula kuti munda upumule chaka chachisanu ndi chiwiri chilichonse. Deuteronomo 20 amaletsa asilikali kudula mitengo ya zipatso pozinga mzinda wa adani, ndipo Deuteronomo 22 amati wopeza chisa angatenge ana kapena mazira koma make amusiye apite. Malamulo atatuwa ndi osavuta kukumbukira chifukwa aliyense ali ndi chithunzi chake, munda, mtengo ndi chisa, ndipo ndi ophunzira ochepa amene amawatchula. Wochonga amene wawerenga mapepala ambirimbiri onena za Edeni yekhayekha amadzidzimuka akaona mbalame ya pa Deuteronomo 22, ndipo kawirikawiri pepala lotero amaliwerenga mofatsa mpaka kumapeto.