Mwana wobadwa m'zaka ziwiri: nthawi ya kale ndi mabuku a makolo

Pakhoma la nyumba yakale yamalonda mumzinda wa Bristol, ku England, pali wotchi yokhala ndi mivi iwiri yoloza mphindi. Wina umasonyeza nthawi ya ku London, wina ya ku Bristol komweko, ndipo imasiyana ndi mphindi khumi. Wotchiyi ndi mboni ya masiku amene mzinda uliwonse unkakhala ndi nthawi yakeyake.

Kalelo anthu ankati yakwana 12 koloko dzuwa likafika paliwombo pamalo pomwe iwo ali. Popeza dzuwalo limafulumirako miyezi ina n'kuchedwako miyezi ina, akatswiri ankatenga pakatikati pa chaka chonse kuti mawotchi aziyenda mosasinthasintha. Iyi ndiyo inali nthawi ya kumaloko. Kuwerengera kwake n'kosavuta: dziko limazungulira madigiri 15 pa ola, choncho digiri imodzi kulowera kum'mawa kapena kumadzulo ndi mphindi zinayi. Ngakhale lero, mawotchi a ku Malawi amatsatira mzere wa madigiri 30, pomwe Blantyre ali pa madigiri 35, kotero dzuwa la kumeneko limatsogola wotchi ndi mphindi pafupifupi 20.

Sitima zapamtunda ndi zimene zinathetsa mchitidwewu. Ku Britain lamulo linavomereza nthawi ya Greenwich mu 1880. Ku America makampani a njanji anagawa dziko m'zigawo za nthawi pa 18 Novembala 1883, koma lamulo la boma linadzabwera mu 1918. Pakati pa zaka zimenezi ndi pomwe wofufuza mibadwo ya makolo amatuluka thukuta, chifukwa mawotchi awiri ankayendera limodzi mumzinda umodzi.

Tiyerekeze banja la ku Cincinnati, mzinda womwe unakakamira nthawi yake kwa zaka zingapo njanji zitasintha kale. Bambo analemba patsamba loyamba la Baibulo la banja kuti mwana wabadwa 12:10 usiku, pa 1 Januwale 1886. Dokotala, yemwe wotchi yake anaitchera kusiteshoni, analemba 31 Disembala 1885. Wanama ndani? Palibe. Cincinnati ali pa madigiri pafupifupi 84 ndi theka kumadzulo kwa Greenwich. Tikachulukitsa ndi zinayi tipeza mphindi 338, omwe ndi maola asanu ndi mphindi 38. Nthawi ya njanji m'chigawocho inali maola asanu ndi limodzi m'mbuyo mwa Greenwich, choncho wotchi ya bamboyo inkatsogola ndi mphindi 22. Pamene iye ankawerenga 12:10, dokotala ankawerenga 11:48, chaka chisanathe.

Wofufuza wodziwa ntchito yake sasankha pepala limodzi n'kutaya linalo. Amakopera deti lililonse monga linalembedwera, amalemba mzinda ndi amene analilemba, ndipo masamu ake amawaika pambali ngati ndemanga. Ndimaona kuti apa mpofunika kuumirira. Deti loyambirira likafufutidwa n'kulowetsapo "lokonzedwa", mdzukulu amene adzatsegule kaundulayo mawa sadzadziwanso kuti panali mboni ziwiri.

Koma nthawi ya kumaloko isasanduke chothawirapo. Kusiyana kwake ndi nthawi ya chigawo nthawi zambiri sikufika ola, ndiye kungasinthe deti pokhapokha chinthucho chitachitika chapakati pa usiku. Mapepala akasiyana masiku atatu, funani chifukwa china: mwina lina likunena tsiku la ubatizo, mwina la maliro m'malo mwa la imfa. Komanso mabuku ambiri salemba ola n'komwe. Ku Scotland, zikalata zakubadwa zakhala zikulemba ola kuyambira 1855, pomwe ku England ola limalembedwa makamaka akabadwa mapasa. Popanda ola, palibe chowerengera.

Msampha watsopano uli mukompyuta. Mapulogalamu ena akapatsidwa deti lokha amaliyesa 12 koloko usiku, kenaka n'kulitembenuzira ku chigawo china cha nthawi, ndipo tsiku limabwerera m'mbuyo. Mudzazindikira vutoli mukaona madeti a banja lonse atasuntha ndi tsiku limodzi ndendende. Ena amatenga nthawi kunkhokwe ya `tz`, yomwe imaimirira chigawo chonse ndi mzinda umodzi. Cincinnati imagwera pansi pa `America/New_York`, choncho chochitika chilichonse cha tsiku la 18 Novembala 1883 lisanafike chimapatsidwa `-4:56:02`, nthawi ya dzuwa ya ku New York, yosiyana ndi ya ku Cincinnati ndi mphindi 42. Ndi chifukwa chake ofufuza osamala amasunga deti lakale ngati mawu wamba, tsiku, mwezi ndi chaka, pamodzi ndi dzina la mzinda, ndipo salola makina kuligwira.