Mauthenga a madalitso a tsiku lopatulika ku Dowa ndi Ntchisi

Mauthenga a madalitso a tsiku lopatulika ndi mawu afupi amene m'busa, mkulu wa mpingo kapena mlembi amatumiza sabata iliyonse pa gulu la WhatsApp la mpingo. Kawirikawiri mumakhala moni, vesi la m'Baibulo, monga Numeri 6:24-26, ndi nthawi ya mapemphero.

Nthawi yotumizira imatengera chipembedzo. Akhristu a CCAP Sinodi ya Nkhoma, amene mishoni yawo yoyamba inakhazikitsidwa ku Mvera m'boma la Dowa mu 1889, amatumiza Loweruka madzulo kapena Lamulungu m'mawa. A Seventh-day Adventist amatumiza Lachisanu madzulo, chifukwa Sabata lawo limayamba dzuwa likalowa.

Vuto lalikulu ndi kuchedwa. M'midzi ina ya m'mapiri netiweki imavuta, ndipo foni ikatha moto kapena bando, uthenga wa Lamulungu umawerengedwa Lachiwiri. Dalitso lochedwa silipweteka munthu, koma ngati munali chidziwitso cha maliro kapena kusintha kwa nthawi ya Mgonero, munthuyo waphonya. N'chifukwa chake zidziwitso zotere zimalengezedwabe m'tchalitchi ndi m'milaga, kumene ngakhale okalamba opanda foni amazimva.