Holo ya Maukwati Imagulitsa Masiku a Loweruka

Mvula ikamagwa mu Febuluwale, eni maholo ambiri amapinda manja n'kumati nyengo ya maukwati ikadali kutali. Koma nthawi yomweyo m'makomo mwa anthu nkhani imakhala itayamba kale. Ankhoswe akumana, komiti yasankhidwa, ndipo wapampando akufunsa funso loyamba: “Tsiku ndi liti, nanga malo ndi ati?” Makadi sangasindikizidwe, wokongoletsa sangauzidwe, holo isanapezeke. Choncho woyamba kuitanira malonda mu Juni amapeza anzake atatola kale makasitomala.

Katundu weniweni wa mwini holo ndi masiku a Loweruka. Kuyambira Meyi mpaka Novembala, pamene kunja kwauma ndipo anthu akolola n'kugulitsa mbewu, masiku amenewa alipo 30 kapena 31 basi. Loweruka likadutsa holo ili yotseka, ndalama yake yapita, siidzabweranso.

Tiyerekeze holo ya mipando 400 ku Area 25 ku Lilongwe, yolipitsa K600,000 pa tsiku. Mwini wake atsegula buku la chaka chatha n'kupeza kuti mwa masiku 30 anachititsa maukwati 18. Masiku 12 otsalawo ndi K7,200,000 yotayika. Akayang'anitsitsa, apeza kuti kuyambira Ogasiti mpaka Okutobala munadzaza mokha, pomwe Meyi, Juni ndi Novembala munali mbee. Apa ndiye pagona dongosolo lonse: palibe chifukwa chotsitsira mtengo wa Okutobala, mwezi umene anthu amaulimbirana. Mphamvu zipite pa miyezi yozizira malondayo, mwina powonjezera jenereta ndi nsalu za pamipando kwaulere, komanso poika mtengo wotsika wa Lachisanu ndi Lamulungu kuti akope zinkhoswe ndi misonkhano.

Mwini holoyu apatule ndalama ya Loweruka limodzi, K600,000, kuti igwire ntchito yotsatsa. K150,000 ipite kwa wojambula waluso. Holo yopanda kanthu ndi makoma chabe, ndiye ijambulidwe itakongoletsedwa, anthu ali m'kati. Zithunzi zionetsenso zimene komiti imadandaula nazo: bwalo lokwanira perekaniperekani, poimika galimoto, zimbudzi, thanki ya madzi, ndi jenereta yoti iyake magetsi a ESCOM akathima. Mukwati ndi mkwatibwi apemphedwe chilolezo zithunzi zawo zisanaikidwe pa Facebook kapena pa WhatsApp, ndipo pansi pa chithunzi chilichonse palembedwe kuchuluka kwa mipando, mtengo ndi masiku amene akadalipo.

K250,000 ikonzere tsiku loonetsa holo mu Malichi. Oitanidwa oyamba akhale okongoletsa, otsogolera mwambo, madijeyi, ophika makeke ndi atsogoleri a magulu a amayi m'mipingo yoyandikana nayo. Amenewa ndiwo amafunsidwa kuti, “Kodi holo yabwino ndi iti?” Wokongoletsa amene amaloledwa kulowa Lachisanu madzulo popanda mikangano amaitchula holoyo kulikonse kumene wapita. K200,000 yotsala igawidwe pa kulengeza kolipira pa Facebook kolunjika anthu a mumzinda womwewo, ndi chikwangwani chooneka bwino pamsewu. Masiku awiri okha akawonjezereka, ndalama yonseyi yabwerera ndi phindu lomwe.

Kutsatsa kumaonongeka pa nkhani ya chikole. Munthu wonena kuti “tisungireni tsiku” sanagule kanthu. Tsiku lilembedwe m'buku limodzi lokha, pokhapokha atapereka gawo la ndalama, kaya pamanja, kaya pa Airtel Money kapena TNM Mpamba, n'kulandira lisiti. Mabuku akakhala awiri, maukwati awiri adzakumana pakhomo limodzi, ndipo mbiri yotere imafika kutali kuposa chikwangwani. Pangano linenenso za mtengo. Mu Novembala 2023 kwacha inatsika mphamvu ndi 44 peresenti, mitengo ya zinthu n'kukwera. Pofuna kupewa kukangana ndi komiti tsiku litayandikira, zilembedwe poyera kuti mtengo wa holo sudzasintha kwa amene wapereka chikole, koma mafuta a jenereta adzawerengedwa pa mtengo wa sabata ya ukwatiyo.

Kodi munthu angadziwe bwanji kuti dongosolo likuyenda? Aliyense woimba foni afunsidwe kumene anamva za holoyo, yankho lilembedwe. Pofika kumapeto kwa Epulo, mwini holo awerenge zinthu zitatu: ofunsa, obwera kudzaona, ndi opereka chikole. Ofunsa akachepa, uthenga sukufika kwa anthu. Ofunsa akakhala 40 koma obwera 5 okha, vuto ndi mtengo kapena kuchedwa kuyankha mauthenga. Koma akabwera 20 n'kulipira awiri okha, ndalama isapitenso ku zolengeza. Anthuwo aona ndi maso awo chinachake chimene chawabweza, ndipo nthawi zambiri chimakhala kuseri kwa holo, kuzimbudzi.