Mutu wokopa wosanamiza owerenga

Mtolankhani wina anabwera ndi mutu uwu: "Simukhulupirira zomwe wachita mlimi uyu!" Pamenepa palibe nkhani, ndi nyambo chabe. Mkonzi amayamba wafunsa: mlimiyo wachita chiyani kwenikweni? Wateteza chimanga chake ku anankafumbwe osathiramo mankhwala. Mfundo imeneyo ilowe m'mutu, ndipo "simukhulupirira" ndi chizindikiro chofuulira zichoke.

Komatu osaulula zonse. Akalemba kuti "Mlimi wasunga chimanga m'matumba osalowa mpweya", wowerenga wakhuta kale, angodutsa. Bwino ndi uwu: "Momwe mlimi wagonjetsera anankafumbwe popanda mankhwala". Zotsatira zanenedwa, chomwe chabisidwa ndi njira yokha. Yankho lake lipezeke m'ndime yoyamba, osati kumapeto. Ndipo ngati anankafumbwewo angochepa, mawu akuti "wagonjetsera" ndi bodza. Mulembe kuti "wachepetsera".