Kanema wa Ntchito za Manja: Mmene Mtsuko Umasandukira Nkhani

Kanema woonetsa kapangidwe ka zinthu zamanja amafikitsa woonera kumalo amene wogula safikako: kuseri kwa nyumba kumene amaumbira mbiya, pansi pa mtengo pamene amalukira mipando, kapena m'kashedi ka wokhoma ndowa. Amisiri ambiri tsopano amajambula makanema otere pafoni n'kuwatumiza pa WhatsApp, Facebook kapena TikTok kuti anthu adziwe katundu wawo. Ochuluka mwa makanemawa amangondandalika ntchito: uyu akukanya dothi, uyu akuumba, uwu ndi mtsuko wotha. Woonera amayang'ana masekondi ochepa n'kupitirira. Kanema amene amamugwira mpaka kumapeto ndi amene wakonzedwa ngati nkhani, yokhala ndi munthu amene akufuna chinachake, chinthu chimene chingamulepheretse, ndi mathero oyankha ngati zatheka kapena ayi.

Nkhani yotere sachita kupeka. Imakhala kale m'ntchitoyo, ndipo wojambula amaipeza pofunsa mmisiri funso limodzi asanagwire n'komwe foni: kodi ndi pati pamene katunduyu amawonongeka? Mmisiri aliyense ali ndi yankho lake. Wosema amaopa mng'alu wobisika mkati mwa mtengo, telala amaopa kudula nsalu ya mwini molakwika. Woumba mbiya amaopa moto, ndipo n'chifukwa chake ntchito youmba ili chitsanzo chabwino chofotokozera luso lonseli.

Tiyerekeze kagulu ka amayi oumba mitsuko, amene alandira oda ya mitsuko khumi yofunika kuperekedwa mwezi usanathe. Ntchito yawo imayambira ku mtapo, kumene amakumba dothi. Dothilo amalinyowetsa n'kulivundikira masiku angapo kuti lifewe lonse, kenako amalisinja kapena kuliponda, uku akuchotsamo timiyala ndi timizu. Oumba ambiri amasakanizamo mchenga kapena mapale akale osinja kuti dothi lisakhwinyate kwambiri pouma. Akatero amaumba, kuyambira pansi, akusanjikiza dothi mozungulira ndi kusalaza khoma la mtsuko ndi chitsononkho kapena kachibade. Mtsuko ukalimbako amaukulungiza ndi kamwala kosalala, n'kuuika pamthunzi kuti uume pang'onopang'ono, zimene zimatenga sabata imodzi kapena kupitirira, malinga ndi nyengo. Pomaliza amaunjika mitsukoyo, n'kuikuta ndi nkhuni, makungwa ndi udzu, n'kuyatsa.

Pamoto ndi pamene zolakwa zonse za m'mbuyo zimaonekera. Madzi otsalira m'dothi amasanduka nthunzi, ndipo nthunziyo ikasowa potulukira imaphulitsa mtsuko. Kamwala koiwalika kamatha kung'alula khoma. Mbali yochindikala ndi mbali yopyapyala sizitenthera limodzi, choncho mng'alu umayambira pamene zakumanirana. Woumba sangadziwe zonsezi mpaka phulusa litazizira. Ameneyu ndiye msana wa kanema: mitsuko khumi yalowa m'moto, kodi ituluka ingati?

Funso limeneli liyenera kumveka m'masekondi oyambirira, chifukwa woonera pafoni sadikira. Njira yodalirika ndi kuyamba ndi moto womwewo, malawi akukuta mulu wa mitsuko, ndi mawu a woumba akunena kuti ulendo wapitawo ina inasweka, kenako n'kubwerera ku mtapo. Woonera akadziwa zimene zili kutsogolo, ntchito zooneka zazing'ono zimakhala ndi tanthauzo. Zala zotola kamwala m'dothi sizikhalanso chithunzi wamba, chifukwa iye wamva kale zimene kamwalako kangachite. Kulakwitsa kofala ndi kuyamba ndi chikwangwani cha gulu, mayina a mamembala ndi moni wautali. Zimenezi zili ndi malo ake, koma malowo ndi kumapeto.

Kanema wa mphindi zitatu ali ndi masekondi 180, ndipo ngati chidutswa chilichonse chikhala pafupifupi masekondi anayi, pakufunika zidutswa 45. Nthawiyi saigawa mofanana. Chiyambi chingatenge masekondi 15, dothi masekondi 30, kuumba mphindi yathunthu chifukwa ndi pamene manja amaonekera bwino, kuumitsa masekondi 20, moto masekondi 40, ndipo 15 otsalawo n'ngofukula mitsuko ndi kuipereka. Kuumitsa, kumene kumadya masiku ambiri kuposa gawo lina lililonse, kumapatsidwa nthawi yochepa popeza palibe chimene chimayenda. Komabe sikuyenera kudumphidwa, chifukwa ndi kumene kumasonyeza wogula chifukwa chake mtsuko sungapezeke mawa lomwe. Zithunzi zitatu za mtsuko umodzi, zojambulidwa pamalo amodzi masiku osiyana, dothi likuyera pang'onopang'ono, zimakwanira.

Izi zikutanthauza kuti wojambula amatsata kalendala ya mmisiri, osati yake. Afunika kubwera kangapo: tsiku la ku mtapo, tsiku loumba, tsiku lina pakati pa kuuma, ndi tsiku lootcha. Wofika kamodzi kokha amakakamizika kujambula mitsuko yosiyanasiyana imene ili pa magawo osiyana, ndipo woonera watcheru amaona kuti mtsuko umene unali ndi khosi lalitali pouumba watuluka m'moto uli ndi khosi lalifupi. Njira yabwino ndi kusankha mtsuko umodzi wokhala ndi chizindikiro chake, mwina mizere yolembedwa m'khosi, n'kuutsata kuyambira pachiyambi. Mtsuko umenewo ndi umene woonera amaudera nkhawa.

Ntchito iliyonse amaijambula kuchokera mbali zitatu: patali kuti malo aoneke, pafupi kuti manja adzaze chithunzi, ndi nkhope ya mmisiri. Popanda kusinthasintha kumeneku, kudula kanema kumavuta. Kuumba khoma la mtsuko kungatenge mphindi makumi awiri, ndipo munthu akangodula pakati pa chidutswa chimodzi, mtsuko umaoneka ngati wadumpha. Akaikapo nkhope ya woumba kwa masekondi awiri, woonera amavomereza kuti nthawi yadutsa. Mafoni ambiri alinso ndi njira yojambulira mofulumizitsa. Foni ikamatola chithunzi chimodzi pa masekondi awiri alionse kwa mphindi 20, imapeza zithunzi 600, ndipo zikaonetsedwa 30 pa sekondi zimatha masekondi 20. Mtsuko umakula woonera akuona. Foniyo iyenera kukhazikika pa chinthu chosagwedezeka, ngakhale njerwa ziwiri, ndipo njirayi ndi yogwiritsa ntchito kamodzi basi, chifukwa ikachuluka ntchito ya manja imaoneka ngati ya makina.

Kuwala kumavuta kwambiri kumalo a amisiri. Ambiri amagwira ntchito pakhonde kapena m'kachipinda ka mdima, ndipo foni ikaloza kukhomo kumene kuli dzuwa, mmisiri amada bii, chifukwa kamera imadziyeza potengera kuwala kwa panja. Wojambula aime chakukhomo, kuwala kukhale kumbuyo kwake kapena chammbali. Dzuwa la m'mawa ndi la chakumadzulo limaonetsa bwino mizere ya zala pa dothi, pomwe la masana limaifafaniza. Pamoto napo pali vuto lake: foni yoyandikitsidwa kwambiri imatentha n'kusiya kujambula, ndipo utsi umadetsa galasi la kamera, choncho ndi bwino kuima kumene mphepo ikuchokera.

Mawu ndi amene ambiri amawanyalanyaza, komabe m'kanema wa ntchito za manja ndi amene amamukhutiritsa woonera kuti zimene akuona n'zenizeni. Kuphwanyika kwa phale mumtondo, kutakasika kwa dothi lonyowa, kuthetheka kwa nkhuni, zonsezi zimamveka bwino foni ikayandikira. Wailesi ya pamalopo izimitsidwe, chifukwa nyimbo yake imadukaduka kanema akadulidwa, ndiponso masamba ena amatseka mawu a kanema wokhala ndi nyimbo ya mwini. Zoyankhula za mmisiri amazijambula padera, pamalo opanda mphepo, foni ili pafupi ndi pakamwa, n'kudzaziika pamwamba pa zithunzi. Funso loti "fotokozani za ntchito yanu" limabala mawu a pamsonkhano. Funso loti "mumadziwa bwanji kuti mtsuko wauma?" limabala yankho limene munthu wina aliyense sangalipereke.

Pachimake pa nkhani ndi pofukula. Woumba amakankha phulusa ndi ndodo, n'kutulutsa mtsuko umodziumodzi, n'kuugogoda ndi chala. Wabwino umalira ngwee, wong'aluka umangoti phwa. Nthawi imeneyi sibwerezeka, choncho batire likhale lodzaza, malo osungira akhalepo, ndipo foni iyambe kujambula ndodo isanakhudze phulusa. Nyimbo apa ichotsedwe kuti kulira kwa mtsuko kumveke kokha.

Ngati mitsuko iwiri mwa khumi ija yasweka, mwini kanema amalakalaka kuibisa poopa kuti ogula aganiza kuti katundu wake ndi wosalimba. Kubisako kumaluzitsa zambiri. Mitsuko yoswekayo ndi imene imafotokoza mtengo wa isanu ndi itatu yotsalayo, ndiponso imasonyeza kuti woumba amayesa katundu asanagulitse. Mapale ake akaoneka akusinjidwa kuti alowe m'dothi latsopano, nkhani imapeza mathero ochokera m'ntchito yomweyo. Chosayenera ndi kuswa mtsuko dala pofuna kukometsa kanema. Mkangano wa zochita kukonza m'makanema a zochitika zenizeni ndi wakale: kanema wa Robert Flaherty wa mu 1922, Nanook of the North, amakumbukiridwa mpaka lero chifukwa zina mwa zimene anaonetsa zinali zochita kukonza. Kupempha woumba kuti abwereze kusalaza khoma kuti kamera ione bwino n'kololeka, popeza ndi zimene amachita tsiku lililonse. Kupeka tsoka ndi bodza, ndipo anthu a m'dera lomwelo amalizindikira msanga.

Zoti zioneke ndi zoti zisaoneke amagwirizana kujambula kusanayambe. Oumba ena safuna kuti malo a mtapo wawo adziwike, ena sanena kuchuluka kwa mchenga umene amasakaniza, ndipo m'madera ena muli miyambo yokhudza amene angafike pamtapo kapena pootchera. Chithunzi chapafupi cha khasu ndi dothi chimaonetsa ntchito popanda kuulula malo. Aliyense woonekera m'kanema ayenera kudziwa kumene kanemayo akatumizidwe, ndipo ana asajambulidwe popanda chilolezo cha makolo awo.

Chotsala ndi maonekedwe a kanema womalizidwa. Wokaonetsedwa pafoni amajambulidwa foni itaimirira, pa muyeso wa 9:16, pomwe wa pa YouTube kapena pa wailesi yakanema amajambulidwa itagona, pa 16:9. Chisankhochi chichitike tsiku loyamba, chifukwa kudula kanema wogona kuti aimirire kumataya mbali zonse ziwiri, kumene nthawi zambiri kumakhala manja. Anthu ambiri amaonera mawu atatseka, m'minibasi kapena kuntchito, choncho zoyankhula za woumba zilembedwe pansi pa chithunzi m'mizere yaifupi. Dzina la gulu, kumene limapezeka ndi masiku amene oda imatenga zimalembedwa pa chithunzi chomaliza, ndipo zikhalepo masekondi osachepera asanu kuti munthu athe kuziwerenga.